Mabatire akutha masiku 10, sensa ya ku dambo yasiya kuyankha: tigule mojulo iti?

MlimiWaKuDwangwa
Moni nonse pagulu pano. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a nzimbe kuno ku Dwangwa, ndipo tinagwirizana zoika masensa oyeza chinyontho m'minda 12 kuti tisamangopopa madzi mongoganizira. Poyesera tinagula mabodi atatu a ESP32 okhala ndi LoRa, wailesi yotumiza timauthenga patali ndi moto wochepa, ya SX1276, ya 868 MHz. Cholandirira chili pa zenera la ofesi, munda wakutali uli pa makilomita atatu, cha ku dambo. Mu Meyi nzimbe zitangodulidwa onse atatu amafika bwinobwino. Pano Januwale uno wa ku dambo uja amafika kamodzikamodzi, ndipo batire la 18650 likutha masiku 9 kapena 10. Wogulitsa wina pa intaneti akuti titenge mojulo ya 1 W, ya 915 MHz, akuti imafika makilomita 15. Komiti yavomera ndalama, koma mtima wanga sukukhazikika. Wina anandiuzanso kuti ndisamale ndi dyute saiko. Ndithandizeni ndisanawononge ndalama za anthu.

KambuziKaLinga
Za dyutezo musadandaule achimwene. Tizinthu ting'onoting'ono ngati timeneti tikabwera pa positi msonkho wake sukhala woopsa. Ine ndinaitanitsa mawotchi awiri chaka chatha.

Mphenzi_Salima
Hahaha a Kambuzi, si dyute ya pa boda imeneyo! Akunena gawo la nthawi lomwe wailesi imakhala ikulankhula poyerekeza ndi nthawi yomwe yakhala chete.

KambuziKaLinga
Basi ndakhala pansi. Pitirizani ophunzira.

Mphenzi_Salima
Koma bwanji osangoika SIM800L, kamojulo koikamo SIM ya foni, pa sensa iliyonse? Netiweki ku Dwangwa ilipo. Palibe za mlongoti, palibe za cholandirira.

MaiWaMawaya
Imeneyo ikamalankhula ndi nsanja imakoka mpaka 2 A mwakanthawi, komanso iyenera kuyamba yasaka netiweki nthawi iliyonse ikadzuka. Ndiye muwerengenso ma SIM 12 oti wina aziwakumbukira kuthira mayunitsi. SIM imodzi pa ofesi ndi yokwana.

A Mlimi, ya 915 ija isiyeni kaye. Bandi imeneyo, kuyambira 902 mpaka 928 MHz, ndi ya ku Amereka. Kuno mafoni a GSM 900 amalankhula ndi nsanja mpaka pa 915, nsanja nazo zimayankha chapamwamba pang'ono pomwepo. Mukayatsa 1 W pamenepo mwalowa m'munda mwa eni ake, ndipo inunso simumva bwino. Ife tili chigawo chimodzi ndi Ulaya pa kagawidwe ka mafunde, n'chifukwa chake ambiri timagula za 868 kapena 433. Musanaitanitse zambiri alembereni a MACRA, muwauze nambala ya mojulo ndi mphamvu yomwe mukufuna kutumizira.

Tsopano ndiuzeni zinthu zinayi. Mukutumiza pakapita mphindi zingati? SF, nambala ija yosankha kuti wailesi ilankhule mofulumira kapena pang'onopang'ono, mwaika ingati? Uthenga wake ndi wotalika bwanji? Nanga antena ya sensa ili pamwamba bwanji kuchokera pansi?

MlimiWaKuDwangwa
Zikomo mayi. Mphindi zisanu zilizonse. SF ndinaika 12 ndi mphamvu 20 dBm poti ndinamva kuti ndiye zimafika kutali. Uthenga umaoneka chonchi, ndawerenga zilembo zilipo 60 pamodzi ndi za kumapeto:

```
node=03,moisture=41.5,temp=29.3,battery=3.92,count=001274,ok
```

Bokosi lili pa kachikhomo kofika m'bondo.

MaiWaMawaya
Ndiye tiwerenge. Pa SF12, bandiwifi 125 kHz, zilembo 60 zimatenga masekondi 2.6 zili mumlengalenga. SX1276 pa 20 dBm imadya 120 mA. Mukutumiza ka 288 pa tsiku, ndiye 2.6 × 120 × 288, kugawa ndi 3600, zikupereka 25 mAh pa tsiku. Nthawi yomwe ESP32 ili maso tiikepo 20 mAh ina. Zonse 45. Batire lanu ngakhale titati lili ndi 2000 mAh yokha, limayenera kukhala masiku opitirira 40. Inu mukuti 10. Ndiye kuti wakuba wamkulu sakuba wailesi ikamalankhula, akuba bodi ili mtulo.

Tengani matimita, muike pa mA, mudule waya wofiira wa batire, matimita ilowe pakati. Dikirani bodi igone, mutiuze nambala.

Chisale_Injiniya
Ine ndikuona kuti vuto ndi 868 yomweyo. M'masamba 433 ndiye mfumu. Ndili ndi ma Ra-02 awiri, mamojulo a 433, pa munda wa mango ku Lifuwu, amadutsa m'mitengo popanda vuto. Mafunde aatali amalowa m'thengo bwino, imeneyo ndi sayansi osati maganizo anga.

MaiWaMawaya
Kuti 433 imapirira masamba ndi zoona a Chisale. Koma munda wanuwo ndi mtunda wanji?

Chisale_Injiniya
Mwina mamita 700.

MaiWaMawaya
Pa 700 chilichonse chimafika. Pa makilomita atatu pamabwera nkhani ina. Mafunde sayenda ngati ulusi wowongoka, amafuna mpata wotupa pakati, ngati chibaluni chachitali chogonekedwa pakati pa ma antena awiriwo. Pa 868, pakatikati pa makilomita atatu, mpata umenewo umatambalala mamita 16 kuchokera pa mzere wapakati, ndipo kuti zimveke bwino pafunika mamita 10 mwa amenewo pakhale popanda kanthu. Pa 433 umakula kufika pafupifupi 23. Ndiye zomwe mwapindula pa masamba, zina mumazibweza ku nthaka. Antena yakenso ndi yaitali kawiri, masentimita 17 pomwe ya 868 ndi 8 ndi theka, ndipo tija tifupitifupi timabwera m'paketi timangokhala waya wopindapinda m'pulasitiki. Sindikunena kuti 433 ndi yoipa. Ndikunena kuti antena ili m'bondo, m'kati mwa nzimbe zonyowa zotalika kuposa munthu, ngakhale mutasintha bandi mukhala mukulimbanabe.

Chisale_Injiniya
Ine ndikanayesabe. Ma Ra-02 ndi otchipa.

GogoWaPaBua
Ana inu mukuvutikiranji? Ife mpunga talima zaka zonsezi, chinyontho timayeza ndi chala. Ukapisa m'dothi n'kufinya, likagwirana ndiye kuti madzi alimo.

MlimiWaKuDwangwa
Agogo chala chimagwira ndithu, koma minda 12 yotalikirana, njinga imodzi, dizilo wa pampu mukudziwa mtengo wake. Ena amathirira chifukwa mnzawo wayatsa pampu basi.

Mayi, ndayeza usiku uno. Bodi ikagona matimita ikuonetsa 6.9 mA. Ndimayesa ESP32 ikagona imadya tochepa zedi?

MaiWaMawaya
Ndi ameneyo! 6.9 × 24 ndi 166 mAh pa tsiku, bodi isakuchita kanthu. Kuphatikiza 45 ija ndi 210. Gawani 2000 ndi 210, mupeza masiku 9 ndi theka. Si masiku anu aja?

ESP32 payokha imatsikadi mpaka cha m'ma 0.01 mA, koma imagona yokha, anzake pa bodipo ali maso. Tiwagwire mmodzimmodzi. Choyamba, SX1276 ikamaliza kutumiza sigona yokha, imangoima chilili kudikira, ndipo pamenepo imadya 1.6 mA. Musanagoneke ESP32 onjezani mzere uwu:

```
LoRa.sleep();
esp_deep_sleep_start();
```

Yezani. Kenako zulani sensa ya chinyontho, muyezenso.

MlimiWaKuDwangwa
Nditaika `LoRa.sleep()` yatsika kufika 5.3. Nditazula sensa yafika 0.8! Ndakhala ndikuda wailesi miyezi yonseyi, kani ndi sensa yomwe ndinalumikiza ku 3V3 mwachindunji.

Mphenzi_Salima
Mfiti ili m'nyumba momwemo, inu kumakasaka kwa aneba.

MaiWaMawaya
Sensa imeneyo ipatseni moto kuchokera pa pini ya GPIO. Imadya osakwana 5 mA, pini ikwanitsa. Bodi ikadzuka iyatse piniyo, idikire sekondi imodzi kuti nambala ikhazikike, iwerenge, izimitse. Kudikirako musakudumphe, mukawerenga msanga nambala imanama.

0.8 yotsalayo ndi ya bodi yeniyeniyo: regiyuleta, kachipu ka USB, mwina ndi kasikirini ngati kalipo. Imeneyo ndi khodi simungaichotse. Ndi 19 mAh pa tsiku, ndiye mukakonza zinazo mabodi anu atatuwo azikhala miyezi itatu. Kuchoka pa masiku 10 si zochepa.

NyamataWaSola
Bwanji osangoika kasola ka 6 V ndi TP4056 yotchajira batire nkhani ithe? Dzuwa la ku Nkhotakota ndi laulere.

AlondaAUsiku
Kasola m'munda? Ife ku Chia tinaika tiwiri pa madamu a nsomba. Sabata sinathe kena kanali kakutchaja foni kumudzi. Bokosi lopanda sola anthu amaliyang'ana n'kudutsa, koma galasi likanyezimira ndiye mwaitana.

NyamataWaSola
Nkhani yake ndi kukweza pamwamba ndi kuuza amfumu.

AlondaAUsiku
Amfumu tinawauza. Anatipepesa bwino kwambiri.

MaiWaMawaya
Palinso china pa sola. Batire la lithiyamu silifuna kutchajidwa likatentha kupitirira madigiri 45, ndipo bokosi lotsekedwa pa dzuwa la Okutobala kunyanja kuno limapitirira pamenepo mosavuta. Mukaika sola, bokosi likhale loyera ndipo likhale pa mthunzi wa solayo. Koma ine ndimakonda kuyamba ndachepetsa kudya, sola ibwere ngati ikufunikadi.

MlimiWaKuDwangwa
Za batire ndamva. Nanga dyute saiko ija? Ndi ya lamulo kapena ya batire? Ndasokonezeka chifukwa aliyense akunena zake.

MaiWaMawaya
Mawu ndi amodzi koma nkhani ndi ziwiri, mwinanso zitatu.

Ya lamulo: ku Ulaya, pa matchanelo odziwika a 868.1, 868.3 ndi 868.5, chipangizo chimaloledwa kulankhula 1% ya nthawi, kutanthauza masekondi 36 pa ola, pa mphamvu ya 14 dBm. Ma laibulale a EU868 a LoRaWAN, dongosolo loyendetsera netiweki ya LoRa, amatsata zimenezi okha. Inu mukulankhula masekondi 2.6 pa 300 alionse, ndiye 0.87%. Muli pakhomo penipeni. Mukadzangoti uthenga ukalephera ubwerezedwe, mwadutsa. Mphamvu yanunso ya 20 dBm yapitirira ya kumeneko, n'chifukwa chake ndinati funso la mphamvu lipite ku MACRA.

Ya batire taiona kale.

Yachitatu ndi imene ikanakulumani mutagula onse 12. Masensa anu samvana, aliyense amangoyamba kulankhula nthawi yake ikakwana. Awiri akalankhula pamodzi pa tchanelo chimodzi, cholandirira chimamva mmodzi kapena osamva aliyense. Masensa 12, aliyense masekondi 2.6 pa mphindi zisanu, mukawerenga mupeza kuti pafupifupi uthenga umodzi mwa 6 uziwombana ndi wina. Inu mukanati ndi mtunda, n'kuwonjezera mphamvu, osathandiza kanthu.

Mankhwala ake ndi kufupikitsa. Mawu oti `moisture` ndi `battery` cholandirira chikuwadziwa kale, mukulipira moto kuti muwatumize ka 288 pa tsiku. Tumizani manambala okha: baiti imodzi ya nambala ya sensa, ziwiri chinyontho, ziwiri kutentha, ziwiri batire, ziwiri zowerengera mauthenga. Simufika ndi 12 pomwe. Mabaiti 12 amatenga chonchi:

```
SF7   41 ms
SF9   144 ms
SF10  289 ms
SF12  1155 ms
```

SF ikakwera ndi imodzi, nthawi imawirikiza pafupifupi kawiri, koma kumva kumangowonjezeka ndi 2.5 dB. SF12 ndi yodula chonchi. Ndipo dothi la nzimbe siliuma pa mphindi zisanu. Theka la ola ndi lokwana, ena amaika ola.

Mphenzi_Salima
Ndiye apafupi aike SF7, akutali SF12, aliyense zake.

MaiWaMawaya
Zikanakhala bwino, koma cholandirira cha a Mlimi ndi SX1276 imodzi, imamvera SF imodzi pa tchanelo chimodzi. Onse ayenera kufanana nacho. Zomwe mukunenazo zimatheka ndi getiwe yeniyeni ya LoRaWAN, monga za chipu cha SX1302, yomwe imamvera matchanelo 8 ndi ma SF onse nthawi imodzi.

Mphenzi_Salima
Ndiye agule getiwe. Mawa akadzafuna masensa 40 adzayambiranso? LoRaWAN imabisanso uthenga, komanso imatsitsa SF yokha ikaona kuti sensa ikumveka bwino.

MaiWaMawaya
Imawonjezeranso mabaiti 13 pa uthenga uliwonse, ndipo imafuna seva, kaya pa intaneti kaya pa kakompyuta mu ofesi. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, ndani akonze? Kwa masensa 12 ine sindingayambire kumeneko. Akadzafika 40 tidzakambirana.

Mphenzi_Salima
Apa sitigwirizana mayi, koma ndi ndalama za kalabu, asankhe eni ake.

MlimiWaKuDwangwa
Pepani ndinasowa masiku awiri, mvula inatitsekera njira ya ku dambo. Dzulo tinapita ndi mnyamata wa pampu. Tinanyamula nsungwi ya mamita anayi, cholandirira tinachikweza pa thanki ya madzi, mwina mamita 9. Khodi sindinasinthe, SF12 ndi 20 dBm yomweyo, kuti ndione kusiyana. Bokosi lili m'bondo, mwa mauthenga 10 anafika atatu, SNR, muyeso wa mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso, imaonetsa -17 mpaka -19. Titamangirira bokosi kunsonga kwa nsungwi, antena itatulukira pamwamba pa nzimbe, anafika onse 10, SNR -3. Mnyamata uja anaima m'matope atagwira nsungwi pafupifupi ola lathunthu, nyerere zikumukwera, ndamulonjeza fanta.

Chisale_Injiniya
Nsungwi yaposa mojulo ya 1 W, haha. Komabe 433 pa nsungwi yomweyo ikanaposa.

MaiWaMawaya
Onani manambalawo a Chisale. Kuchoka pa 20 dBm kufika 1 W ndi 10 dB, ndipo batire likanalira. Nsungwi ndi thanki zapereka 15 dB osadya moto.

A Mlimi, tsopano sankhani SF ndi nambala ya -3 imeneyo. SF iliyonse ili ndi malire a SNR omwe imasiyira kumva: SF9 pa -12.5, SF10 pa -15, SF12 pa -20. Poyamba munali pa -19, m'mphepete mwa phompho, n'chifukwa chake amafika mwa apo ndi apo. Koma kumbukirani kuti -3 mwaipeza pa 20 dBm. Mukatsitsa kufika 17 ikhala cha m'ma -6, ndiye pa SF10 mwatsala ndi mpata wa 9 dB. Mukatsitsa kufika 14 ikhala -9, mpata 6 dB pa SF10, koma pa SF9 ungotsala 3.5, wochepa kwambiri poti nzimbe zikukulabe ndipo mwera ukayamba nsungwi izigwedezeka. Ine ndingaike SF10.

Za mojulo yogula: tengani ya SX1262, ya 868. Pomvetsera imadya cha m'ma 5 mA pomwe SX1276 imadya kupitirira 10, ndipo imalankhulana ndi ma SX1276 muli nawowo mukafananitsa makonzedwe. Musatenge bodi ya sikirini. Mojulo yokha, ndi bodi ya Arduino Pro Mini ya 3.3 V yochotsedwa kanyali ndi regiyuleta yake, muikepo regiyuleta yodya pang'ono, MCP1700 kapena HT7333. Ndi laibulale ya RadioLib zimayamba chonchi:

```
radio.begin(868.1, 125.0, 10, 5, 0x12, 17);
radio.transmit(buf, 12);
radio.sleep();
```

Nambala 17 ija ndi mphamvu, mudzaisinthe malinga ndi yankho la a MACRA.

Bajeti ya theka la ola ikhala motere, mu mA kuchulukitsa masekondi. Kudzuka ndi kuwerenga sensa, 10 mA kwa masekondi awiri, 20. Kutumiza, 90 mA kwa 0.29, ndi 26. Kumvetsera yankho pang'ono, 5. Kugona, 0.02 mA kwa masekondi 1800, ndi 36. Zonse 87. Ka 48 pa tsiku ndi 1.2 mAh. Pa pepala ndi zaka zinayi, koma batire lidzakalamba lokha ndi kutentha zisanakwane, ndiye muziti chaka ndi chaka mukusintha. Taonani kuti ngakhale pano kugona ndi kumene kukudya kwambiri kuposa kutumiza. Dyute saiko yatsika kufika 0.016%, ndipo kuwombana kwatsala pang'ono kutheratu. Mungowonjezera masekondi ongotola mwamwayi, pakati pa 0 ndi 60 pa nthawi yogona, kuti awiri amene anayatsidwa limodzi asamangogundana mpaka kalekale.

NyamataWaSola
Funso: bokosi likhale pansi, antena yokha ikwere ndi waya? Kusintha batire pamwamba pa nsungwi ndi ntchito.

MaiWaMawaya
Ayi, talikitsani waya wa sensa, osati wa antena. Tiwaya topyapyala ta antena timadya ma dB angapo pa mamita anayi, zina mwa zomwe mwapeza ndi nsungwi n'kubwezanso. Bokosi pamwamba, antena yoimirira chilili, waya wa sensa utsike m'paipi. Muwerenge kakhumi n'kutenga pakati poti waya wautali umatola phokoso. Ndipo musayatse mojulo antena isanamangidwe, mutha kuwotcha gawo lotumizira.

GogoWaPaBua
Zonse mwawerenga bwino, ma dibi anuwo ine sindiwadziwa. Koma nzimbe musanadule mumaziwotcha. Nsungwi youma, bokosi la pulasitiki, batire m'kati. Mwaiwerengera imeneyo?

MlimiWaKuDwangwa
Agogo mwandigwira pakhosi. Sindinaganizeko n'komwe.

AlondaAUsiku
Kwirirani paipi yachitsulo pansi, nsungwi izingolowa ndi kutuluka. Tsiku lowotcha mwazula, mwanyamula. Chiswenso sichifika msanga.

KambuziKaLinga
Koma chozuka mosavuta kwa inu n'chozukanso mosavuta kwa uja wa kasola.

AlondaAUsiku
Bawuti ndi loko. Osachepera avutikeko.

MlimiWaKuDwangwa
Komiti takumana madzulo ano. Ya 915 taisiya, kalata ya ku MACRA ndilemba Lolemba. Mabodi atatu akalewo ndawakonza khodi, mabaiti 9, SF10, theka la ola, apita ku minda yapafupi. Tiyamba ndi ma SX1262 anayi okha, wa ku dambo akhale woyamba, tione mmene SNR ikhalire pofika Malichi nzimbe zikafika pachimake. Vuto latsala ndi loti palibe mwa ife amene anagwirapo chowotcherera mawaya, ndipo timiyendo ta mojulo ija pa chithunzi tikuoneka ngati ta nsabwe. Alipo wa ku Nkhotakota boma kapena Salima amene angatithandize kuchotsa maregiyuleta aja? A Chisale, mukabwera ndi ma Ra-02 anu nsungwi ilipo, mudzayese tione.

Chisale_Injiniya
Loweruka la mawa lino ndili ku ukwati ku Senga Bay. Linalo ndibwera, chowotcherera ndili nacho. Mnyamata wa nsungwi uja mumuuziretu, ulendo uno fanta zikhale ziwiri.